Chindapusa cha pa bilu ya malume anga

Malume anga ali ndi malo owotcherera zitsulo ndi kupala matabwa ku Lilongwe. Tsiku lina m'mawa anandiimbira foni mawu ali kunjenjemera. Bilu ya magetsi inali itabweranso ndi chindapusa, mwezi wachitatu wotsatizana, ndipo iwo anali atagamula kale mlandu. Ankati mwina mita ikunama, apo ayi anyamata awo awiri akumagwira maganyu awoawo usiku pogwiritsa ntchito makina a pamalopo. Anafuna ndikaone msanga chifukwa pakutha pa mwezi ankafuna kuwachotsa ntchito.

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi, choncho nditafika ndinayamba ndi biluyo. Mayunitsi amene anagwiritsa ntchito sanasiyane kwenikweni ndi a miyezi ya m'mbuyo. Zimenezi zokha zinawayeretsa anyamata aja, pakuti wowotcherera usiku amakweza mayunitsi. Chindapusacho chinali pa mzere wina, pamene panalembedwa PF 0.70, ndipo m'munsi mwake munali mawu akuti nambalayi isamatsike kupitirira 0.90.

“Malume, palibe wakuba pano. Akukulipitsani chifukwa cha pawa fakita,” ndinatero.

“Iwe mphwanga, ndilongosolere ngati ukuuza munthu amene sanapite kukoleji,” anayankha.

Ndinawakumbutsa za lole imene amachita hayala kuti iwabweretsere matabwa. Ulendo uliwonse pamwamba pake pamakwera aganyu otsitsa katundu. Akafika amatsitsa, nkukweranso kubwerera nayo. Aganyuwo si katundu amene mwagula, komanso popanda iwo matabwa satsika. Vuto nlakuti akachuluka amadya malo a matabwa, ndipo mwini lole amayenera kutumiza yaikulu kuti abweretse katundu yemweyo.

Mota imachita chimodzimodzi. Kuti izungulire imafunika maginito, ndipo maginitowo amapangidwa ndi magetsi oyenda m'mawaya okulungidwa m'kati mwake. Gawo limenelo la magetsi silipala thabwa kapena kusungunula chitsulo. Limangolowa m'mota nkubwerera kumene lachokera, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Mita siiliwerengera pa mayunitsi, koma limadutsa ndithu m'mawaya ndi m'thiransifoma ya kampani ya magetsi, kuzitenthetsa ndi kutseka malo amene akanatumikira anthu ena. Nchifukwa chake kampaniyo imalipitsa malo antchito amene amachulutsa aganyu oterewa.

Pa mita yawo ndinawaonetsa manambala awiri. Yolembedwa kW ndi mphamvu imene ikugwiradi ntchito, kunena kwake matabwa aja. Yolembedwa kVA ndi katundu yense amene mawaya asenza, matabwa pamodzi ndi aganyu. Pawa fakita imapezeka pogawa kW ndi kVA. Nthawi imeneyo makina onse anali akulira, ndipo mita inkaonetsa 60 kW ndi 86 kVA. Mukagawa 60 ndi 86 mupeza pafupifupi 0.70. Nditapana waya mmodzi mwa atatu obweretsa magetsi ndi chipangizo changa choyezera, ndinapeza maampu 124. Ntchito yomweyo ikanatheka ndi maampu ongopitirira 90 pang'ono pawa fakita ikanakhala yabwino.

Kenako tinazungulira m'nyumbamo kufuna kumene aganyuwo akuchokera. Makina opalira matabwa ankangozungulira opanda thabwa, mnyamata wake ali panja kuyeza chitseko. Mota imafuna maginito pafupifupi ofanana kaya yasenza katundu kaya ili chabe, choncho ikamazungulira yopanda ntchito pawa fakita yake imagwa kwambiri, nthawi zina mpaka cha m'ma 0.2, pamene ikasenza mokwanira imafika cha m'ma 0.85. Pakona panali makina awiri akale owotcherera, aja olemera okhala ndi thiransifoma m'kati, ali chiyatsire kuyambira m'mawa popanda wowagwira. Ndiye panali macheka. Mota yake itapsa miyezi inayi yapitayo, malume anagula yakale ya 15 kW m'malo mwa ya 7.5 kW, poganiza kuti yaikulu siidzapsanso. Apa anangoti kukamwa yasa, chifukwa chindapusa chinayamba mwezi wotsatira.

Mankhwala oyamba sanafune ndalama zambiri. Tinagwirizana kuti makina opanda ntchito azizimitsidwa, ndipo pa macheka pabwerere mota ya msinkhu wake. Koma ndinawauza kuti malo odzaza ndi mamota ndi makina akale owotcherera savuta kutsalirabe pansi pa 0.90, ndiye pafunika makapasita. Kapasita imalandira magetsi obwerera aja nkuwabwezera ku mota pa nthawi imene ikuwafuna. Zili ngati kulemba aganyu okhala pakhomo pomwepo, kuti lole izibwera ndi matabwa okhaokha. Kukula kwake kumayezedwa mu kVAr. Titawerengera pa 60 kW, kuchoka pa 0.70 kufika cha m'ma 0.94 kunkafuna 40 kVAr, ndipo zikatero 86 kVA ija imatsika kufika pa 64.

Malume anafuna tingogula imodzi yaikulu nkuilumikiza kuti nkhani ithe. Ndinakana. Kapasita ikakhala chilumikizire mamota atazima, monga usiku, imayamba kukankhira kunja magetsi opanda wowafuna. Pawa fakita imaipanso kumbali inayo, ndipo mavoti angakwere. Tinaika bokosi la makapasita anayi a 10 kVAr iliyonse, lokhala ndi kachipangizo kamene kamayeza ndi kulumikiza imodziimodzi malinga ndi makina amene akulira. Ndinawachenjezanso kuti akadzagula makina ambiri amakono owotcherera, aja opepuka onyamula m'manja, adzandiuze kaye. Amenewo amakoka magetsi modukizaduka, zimene zimatenthetsa makapasita ngati sanatetezedwe ndi makoyilo apadera.

Chinthu china ndinachinena mobwerezabwereza kuti tisadzadane. Makapasita sachepetsa mayunitsi, kupatula pang'ono pokha pamene mawaya asiya kutentha. Chimene chimachoka ndi chindapusa, komanso ndalama imene amalipira pa kVA. Pa chifukwa chomwecho tizipangizo tija amagulitsa kuti mukatilowetsa pa soketi kunyumba mayunitsi azichedwa kutha nkungotaya ndalama, chifukwa mita ya pakhomo siilipitsa pawa fakita.

Mmodzi mwa anyamata amene ankafuna kuchotsedwa aja ndi amene ndinamuphunzitsa kuyang'anira bokosilo. Kapasita imafooka mwakachetechete, ndipo ambiri amadziwira pa bilu. Ya 10 kVAr pa mavoti 400 iyenera kukoka maampu pafupifupi 14 pa waya uliwonse. Ikamakoka ochepa kwambiri ndiye kuti yatha mphamvu, ndipo waya umodzi ukapanda kukoka kalikonse, fyuzi yake ndiyo yoyamba kuikayikira. Ikatupa pamwamba isinthidwe. Ndinamuuza kuti ntchito yake ndi kuwerenga nambala ya pa chitseko cha bokosi Lolemba lililonse nkuilemba m'kope. Kutsegula ndi kuyeza ndi kwa munthu wa magetsi, chifukwa kapasita imasunga magetsi kwa kanthawi ngakhale mutazimitsa, ndipo ingaphe munthu.

Bilu yotsatira inabwera ndi PF 0.95, mzere wa chindapusa uli wopanda kanthu. Malume sanapepese kwa anyamata aja ndi pakamwa, si khalidwe lawo. Koma nditapitako Loweruka lina ndinapeza atawagulira maovolosi atsopano, ndipo mota ya 15 kW ija ili pakhomo, atailemba ndi choko kuti ikugulitsidwa.