Zimene ndaphunzira polepheretsa patitaimu ya masamu

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4, tinapeza aphunzitsi a masamu oti azibwera kunyumba kawiri pa sabata kudzamukonzekeretsa mayeso a MSCE. Iwo ankakhala ku Ndirande, ife ku Chilomoni. Ndinkaganiza kuti chovuta pa patitaimu ndi kupeza ndalama yolipira. Sindinkadziwa kuti pali chinanso chofuna nzeru: kuwauza aphunzitsi kuti "lero musabwere" nthawi itatha kale, koma ubale wathu osasweka. Ngati munalembapo mphunzitsi wa mwana, kaya wa masamu kaya wa kiyibodi, zina mwa izi muzizindikira.

1. Tsiku lina mwana anachoka kusukulu mutu ukumuwawa. Phunziro linali la 4 koloko, ndipo ine ndinalemba uthenga pa WhatsApp cha m'ma 3 koloko, mumtima ndikuti ndawapatsa ola lathunthu. Sindinayang'ane n'komwe kuti uthengawo unali ndi kachizindikiro kamodzi kokha, kutanthauza kuti sunafike pa foni yawo. Bandulo inali itawathera. Nthawi itakwana ndinangomva "odi" pageti, aphunzitsi ali chilili, thukuta kamukamu, m'manja muli mapepala a mayeso akale a MANEB amene anali atajambulitsa ndi ndalama zawo. Ngakhale uthengawo ukanafika, ukanawapeza ali m'njira. Kuchoka ku Ndirande kufika kwathu ankakwera minibasi ziwiri, ina yokatsikira m'tauni, ina ya ku Chilomoni, ndipo minibasi sinyamuka isanadzaze. Kwa iwo phunziro la 4 koloko linkayamba cha m'ma hafu pasiti 2, akamatuluka pakhomo. Chomwe ndinatolapo n'chakuti nthawi uziiwerengera kuyambira pamene mphunzitsi amanyamuka, ndipo ngati ndi tsiku lomwelo, imba foni mpaka umve mawu awo.

2. Pagetipo ndinapepesa, iwo n'kuyankha kuti, "Palibe vuto, mayi, mwana achire kaye." Ine ndinawakhulupirira ndipo ndinawaperekeza chimanjamanja. Pakutha pa mwezi ndinachotsera tsikulo pa malipiro awo, poti mwana sanaphunzire. Sanadandaule. Koma mwezi wotsatira anayamba kuyankha mauthenga mwachidule, macheza aja tinkacheza pakhonde phunziro likatha anatha, ndipo nditapempha ola lowonjezera Loweruka anati ladzaza. Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kuwerengera. Tiyerekeze kuti mumalipira K80,000 pa mwezi pa maphunziro 8. Ndiye kuti phunziro limodzi ndi K10,000, ndipo m'ndalama yomweyo muli thiransipoti yopita ndi yobwerera. Tikawerengera choncho, tsiku lija iwo anataya K10,000, anawononga ya minibasi ya m'thumba mwawo, komanso madzulo amene akanaphunzitsa mwana wa munthu wina anapita pachabe. Ine sindinataye kalikonse.

Inu mukudziwa mmene tilili: munthu waulemu sangakuuzeni pamaso kuti "mundilipirebe". Amangosiya, nkhaniyo n'kumamudya mkati. Ndinawaitana n'kuwabwezera ndalama ija, kenako tinagwirizana poyera. Ndikawauza dzulo lake, phunziro timangolisuntha. Ndikawauza tsiku lomwelo asananyamuke, ndimalipira theka. Akakhala kuti akwera kale, ndimalipira lonse ndi thiransipoti pamwamba. Ndalamayo ndimatumiza tsiku lomwelo pa Mpamba kapena pa Airtel Money, n'kuwonjezerapo yochotsera kuti asakadulidwe kwa ejenti. Nkhani ya ndalama uziiyambitsa wekha wolepheretsawe, m'foni momwe ukupepesamo, mphunzitsi asanavutike n'kuganiza kuti aiyambe bwanji.

3. Nthawi ina tinali ndi chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, ndipo ndinali nditaiwala kuti chikugwera pa tsiku la phunziro. Ndinachita manyazi kunena zoona, ndiye ndinati tikupita kukaona wodwala. Pa phunziro lotsatira aphunzitsi anamufunsa mwana kuti, "Odwala aja ali bwanji?" Mwana anangoti kukamwa yasa, kenako n'kufotokoza za chinkhoswe. Aphunzitsi sananene kanthu, koma ine ndinali nditaphunzitsa mwana wanga kuti aphunzitsi ake ndi munthu woti ungamunamize. Chinandiwawa kwambiri n'chimenecho. Maliro ndi matenda aliyense amamvetsa, n'chifukwa chake sizoyenera kubwereka, poti tsiku limene zidzakugwere zenizeni udzafuna kuti akukhulupirire. Masiku ano ndimangoti, "Aphunzitsi, pepani, ndinasokoneza masiku, kulakwa n'kwanga." Ndiponso sindituma mwana kuti akanene. Amene anagwirizana ndi aphunzitsi ndine, choncho wopepesa ndikhale ine, ndipo chifukwa chake chikhale chachifupi ndi choona.

4. Mawu akuti "tidzabwezera tsiku lina" ndinkawanena mosavuta, koma tsiku linalo silinkafika. Komanso mawuwa amasiyira mphunzitsi ntchito yoti azikulondalonda. Choncho ndinayamba kutchula masiku awiri enieni m'foni momwemo: "Kodi Lachisanu 4 koloko, kapena Loweruka m'mawa, pali pamene mungathe?" Akati onse ndi odzaza, ndimavomera osanyinyirika, chifukwa kubwezera phunziro limene walepheretsa wekha ndi pempho chabe, si ngongole imene mphunzitsi ali nayo kwa iwe. Izi zimaoneka kwambiri temu yachitatu, mayeso akayandikira, pamene kholo lililonse la mwana wa Fomu 4 likufuna ola lowonjezera ndipo mpata umasoweratu.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti tsiku lolephereka silifunika kutayika lonse. Ndinayamba kufunsa kuti, "Nanga mwanayu agwire chiyani lero?" Aphunzitsi ankatchula mafunso angapo a m'pepala la chaka china, mwana n'kuwasova madzulo, ine n'kujambula tsambalo pa foni n'kuwatumizira. Pobwera ankakhala atadziwa kale pamene mwana wakakamira, n'kuyambira pomwepo. Ndipo ankaona kuti pakhomo pano ntchito yawo timaiwerengera. Kuchonga koteroko ndi ntchitonso, n'chifukwa china chimene theka lija sindilipereka monyinyirika. Ukalepheretsa, tchula tsiku lenileni ndipo pempha ntchito ya mwana.

5. Nditayang'ana m'kope limene ndinkalembamo malipiro, ndinaona kuti pafupifupi masiku onse olephereka anali Lachitatu. Limeneli linali tsiku la masewera kusukulu kwa mwana, ndipo ankafika mochedwa, atatopa. Ine ndinkangopepesa sabata ndi sabata, osaona kuti vuto ndi tsikulo. Pepani wobwerezabwereza amatha mphamvu, ndipo mphunzitsi amafika poganiza zopereka ola lako kwa banja lina losunga nthawi. Sangalakwe kutero. Tinasamutsira phunzirolo Lachinayi ndipo kulephereka kunachepa kwambiri. Ukaona kuti walepheretsa kawiri motsatizana pa tsiku lomwelo la sabata, siya kupepesa, pempha kusintha tsiku.

6. Kenako zinatembenuka. Mvula inagwa yamphamvu masana ena, ndipo aphunzitsi anaimba nthawi itatsala pang'ono, n'kunena kuti akanika kutuluka ku Ndirande. Mumtima munabwera kakudandaula, poti mwana anali atakhala kale patebulo ndi makope ake. Koma ndinakumbukira tsiku lija anaima pageti langa ndi mapepala m'manja. Ndinati, "Musavutike, aphunzitsi, khalani pouma." Iwo okha anatchula Loweruka m'mawa, ndipo anabweradi, n'kuwonjezera theka la ola popanda kupempha kanthu. Pangano la kulepheretsa lizigwira mbali zonse ziwiri, ndipo muzilikambirana mwezi woyamba, pamene palibe amene wakhumudwa.