Chithunzi cha kumsana

Ntchito ya telala sikhala pakhomo pake. Kalipentala amatha kuyimika mpando panja anthu n'kumauona mwezi wonse, koma diresi likangotha mwini wake amabwera, amalipinda m'pepala, basi lapita. Pano pa Lundazi boma ndasoka zaka zingapo, koma mlendo akafika amangopeza makina, nsimbi yamakala ndi zidutswa za chitenje pansi. Akafunsa kuti "Munasokapo zotani?" pakamwa pokha sipakwanira. N'chifukwa chake chovala chilichonse chimene ndachikonda sichichoka ndisanachijambule.

Kujambulako kuli ndi njira yake. Diresi lopachika pa hang'ala silinena kanthu, chifukwa luso la telala limaoneka pa thupi. Choncho ndimadikira tsiku loyesa komaliza, nditalisita kale, ndipo ndimapempha mwini wake kuti: "Amayi, mungalole ndijambule? Nkhope sindionetsa." Ambiri amalola akamva kuti chithunzi chiyambira m'khosi. Amene ali ndi ukwati ndimawalonjeza kuti palibe adzaone mpaka mwambo utadutsa. Wokana ndimamusiya, chifukwa m'tauni yaing'ono ngati ino anthu amazindikirana ndi chitenje chomwe.

Ndimamuyimika pakhonde, mumthunzi, khoma lopanda zolemba lili kumbuyo kwake. Dzuwa lamasana limayeretsa mitundu, ndipo m'nyumba mofiira mumaoneka ngati mwakuda. Zithunzi zimakhala zinayi: kutsogolo, m'mbali, kumsana, ndi m'kati mwa chovala chikavulidwa. Cha kutsogolo chimakopa maso, koma amene amadziwa zovala amathamangira cha kumsana. Kumeneko ndiye kuli zipi. Ikakhala yofufuma ngati njoka, ndiye kuti nsalu inakokedwa posoka. Kukakhala makwinya opingasa pamwamba pa chiuno, msana unadulidwa wautali kuposa mwini wake. Cha m'kati chimaonetsa ngati misoko yatsekedwa bwino kuti isayoyoke pochapa.

Chithunzi chimodzi cha kumsana chinandipezera ntchito imene ndimaikumbukabe. Ndinali nditasoka diresi la chitenje cha maluwa akuluakulu ozungulira. Msana wa diresi umadulidwa pawiri kuti pakati palowe zipi, ndipo wodula mothamanga amasiya theka la duwa m'mwamba, linalo m'munsi. Ine ndinadula mbali imodzi, n'kupinda m'mphepete mwake, n'kuisuntha pa nsalu yotsala mpaka duwa litakumana, kenaka n'kudula inzake. Zimadya nsalu, koma zipi ikatsekedwa duwa limakhala lathunthu.

Mayi wina wa kuno amene amakhala ku Lusaka anachiona pa foni ya mng'ono wake. Mwana wake amakwatiwa kumudzi mu Ogasiti, nyengo imene anthu agulitsa thonje ndi chimanga ndipo maukwati amachuluka. Ankafuna madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi, koma anali asanandionepo. Sanafunse za satifiketi. Anafunsa ngati onsewo angatuluke ndi msana wotero, ndi nsalu yofunika. Ndinatsegula kabuku kanga, momwe pa chithunzi chilichonse ndimalemba mamita a nsalu, masiku amene ndinasoka ndi mtengo. Munali molembedwa kuti diresi lija linadya mamita 4, osati 3 monga la nsalu ya timaluwa ting'onoting'ono. Ndinawauza kuti agule mamita 24 nthawi imodzi, pa sitolo imodzi, chifukwa chitenje chogula padera nthawi zina chimasiyana mtundu. Theka la ndalama linafika pa foni tsiku lomwelo.

Kosungira zithunzi nako n'kofunika. Status ya pa WhatsApp imafufutika pakapita maola 24, ndiye ndi yongokumbutsa anthu kuti ndilipo. Zenizeni ndimaziika mu Catalogue ya WhatsApp Business, mogawa: za ukwati, zakutchalitchi, mayunifomu, malaya aamuna. Zina ndinazitsukitsa n'kuika mu alubamu, chifukwa amayi ochokera kumidzi amakonda kugwira ndi manja, ndipo alubamu safuna bando kapena magetsi. Sindidutsa zovala khumi ndi ziwiri. Chatsopano chabwino chikalowa, chofooka chimatuluka, pakuti munthu akaona msoko umodzi wokhota amakayikira zonse.

Zithunzi za pa intaneti zimene makasitomala amakonda kusankhapo masitayilo ndimazisunga kwina, ndipo ndimanena poyera kuti si zanga. Wina akaloza chimene sindinasokepo, ndimayamba ndachiyesa pa nsalu yotchipa kapena pa chinsalu cha pabedi cha ku salaula. Chikatuluka bwino, mlongo wanga amachivala, ine n'kujambula. Umu ndi mmenenso angayambire amene alibe kasitomala ndi mmodzi yemwe: siketi imodzi, malaya a kolala amodzi ndi diresi la zipi limodzi, zosokera abale, zojambulidwa mbali zinayi zija.