Dzina la mwini siliikidwa pa thumba lako

Ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo, kuwakonza ndi kuwaika pa YouTube. Ndimagwirira kuno ku Chongwe, m'mbali mwa msewu wa Great East, ndipo ondilemba ambiri ndi makwaya, alimi ndi amalonda ang'onoang'ono. Mbali ya ntchitoyi imene imandikanganitsa ndi makasitomala ndi kabokosi kakang'ono kolembedwa `Tags`. Kamapezeka mu YouTube Studio, pansi pa tsamba la `Details`, ukadina `Show more`. M'menemo umalemba mawu ofotokoza zimene zili m'vidiyo, ndipo malo ake ndi a zilembo 500. Woonera saona mawuwa pa tsamba la vidiyo, n'chifukwa chake ena amaganiza kuti angabisemo chilichonse.

Bambo wina woweta nkhuku anandilemba kuti ndijambule mmene amasakanizira chakudya cha nkhuku zake: gaga, soya wokazinga, mchere pang'ono. Amagulitsanso chakudyacho kwa anzake. Vidiyo itatha anati, "Aphiri, ikanimo Novatek ndi Tiger Animal Feeds, kuti ofuna zimenezo azigwera kwa ife." Ndinawayankha kuti, "Bambo, m'vidiyomu mulibe thumba la makampani amenewo, simunawatchule ngakhale kamodzi. Sindingalembe."

Chifukwa choyamba ndi munthu amene akufufuzayo. Mayi wina ku Chalimbana walemba dzina la kampani pa foni yake chifukwa akufuna kudziwa za chakudya cha kampaniyo, mwina kuti anapiye ake asinthe liti kuchoka pa chakudya choyambira. Bandulo yake ndi yochepa, wagula ndi ndalama ya tomato. Akatsegula vidiyo yathu n'kupeza zina, tamudyera bandulo ndiponso tamunamiza. Choopsa kwambiri n'chakuti angaganize kuti kasakanizidwe ka bambowa n'kovomerezedwa ndi kampaniyo, n'kudyetsa nkhuku zake mokhulupirira dzina lomwe silikukhudzidwa n'komwe. Kumeneku n'kusoka dzina la mwini pa thumba lako. Mumsika tonse timadziwa kuti n'chinyengo, ndipo pa foni sichisintha.

Chifukwa chachiwiri ndi chilango, chimene chimabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ilibe kalata. Munthu wonamizidwa amatseka vidiyo m'masekondi oyambirira, ndipo ukatsegula `Analytics` umaona mzere wosonyeza kutalika kwa nthawi imene anthu akuonera utagwa poyambirira pomwe. YouTube imayang'ana ngati anthu akukhalitsa ndi kukhutira, choncho vidiyo imene anthu akuithawa siionetsedwa kwa ambiri. Alimi enieni ofuna kudzipangira chakudya, omwe akanaonera mpaka kumapeto, amakhala kuti sanaipeze.

Njira yachiwiri ndi ya malamulo. YouTube imaletsa kusocheretsa anthu ndi mutu, kufotokozera kapena matagi osagwirizana ndi vidiyo, ndipo imaletsanso kuunjika matagi m'bokosi la `Description`. Woonera aliyense angathe kudina `Report`, ndipo mwini dzina la malonda ali ndi njira yakeyake yodandaulira. Vidiyo ikapezeka yolakwa imachotsedwa. Ulendo woyamba nthawi zambiri umalandira chenjezo. Ukabwereza umalandira chilango chimene amachilemba kuti `strike`, ndipo sungaike vidiyo kwa sabata imodzi. Chachiwiri m'masiku 90 omwewo chimakuimitsa masabata awiri, ndipo chachitatu chingatseketse tchanelo chonse, pamodzi ndi mavidiyo a zaka zambiri. Si vidiyo iliyonse yotere imene imagwidwa, zoona. Koma tchanelo cha kasitomala chili m'manja mwanga, ndipo sindingachiike pangozi yotere.

Chimene chimandiwawa n'chakuti phindu la chinyengochi n'lochepa kwambiri. YouTube yokha imanena kuti matagi amathandiza pang'ono chabe kuti vidiyo ipezeke. Mutu, chithunzi cha pachikuto ndi kufotokozera ndizo zimanyamula katundu. Matagi amagwira ntchito makamaka pa mawu amene anthu amawalemba mosiyanasiyana. Ndikajambula mwambo wa Asoli wa Chakwela Makumbi, ndimaikamo kalembedwe kolondola komanso kolakwika kamene anthu amalemba pofufuza, chifukwa onsewo akufuna mwambo womwewo.

Dzina la kampani lili ndi malo ake. Bambowa akanaika matumba awiri pa sikelo, n'kudyetsa magulu awiri a nkhuku, n'kuonetsa kulemera kwake pakatha masabata 6, dzinalo likanalowa m'mutu ndi m'matagi momwe, chifukwa vidiyo ikanakhala ikunena za chinthucho. Muyeso wanga ndi umenewu: ndingaloze miniti imene dzinali likuoneka kapena kukambidwa? Pa vidiyo yawo yankho linali ayi, choncho ndinalemba izi:

```
chakudya cha nkhuku, kuweta nkhuku, gaga ndi soya, homemade chicken feed, Chongwe, Zambia
```

Mutu tinauika wakuti "Kupanga chakudya cha nkhuku pakhomo ndi gaga ndi soya", ndipo pachikuto panali manja awo ali m'beseni.