Makilojulo 91 amene tidawasaka sabata yathunthu

Ife a Fomu 4 a m'kalabu ya sayansi tili ndi ngongole kwa anzathu a Fomu 3, ndipo tagwirizana kuti tiibweze pano pomwe sukulu yonse iwerengapo. Lachitatu lina masana tidauza mtsikana wina kuti samu yake ya kemisitiri walakwa. Adafufuta, nkuwerengeranso, yankho nkubwera lomwelo. Tidamuuza kuti ayambirenso. Kachitatu pepala lidabooka ndi labala, yankho osasuntha: −1276. Ife m'manja tidali ndi buku lakale la mkulu wake wa mnzathu amene adaphunzira ku yunivesite, ndipo bukulo lidati −1367. Poti buku ndi lalikulu ndipo mtsikanayo ndi wa Fomu 3, mlandu tidaugamula msanga.

Funso lake lidali la ethanolo, mafuta aja amene amapangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa kuyambira 1982 ndipo amasakanizidwa ndi petulo m'dziko muno. Tinkafuna kudziwa kutentha kumene kumatuluka tikawotcha molo imodzi ya ethanolo, yomwe ndi magalamu 46. Kutentha kumeneku mabuku amakutcha kusintha kwa enthalipi, amakulemba ΔH, ndipo amakuyeza m'makilojulo. Chizindikiro chochotsera chikakhala kutsogolo ndiye kuti kutentha kwatuluka.

C₂H₅OH + 3O₂ → 2CO₂ + 3H₂O

Mtsikanayo adatsata njira imene tonse tidaphunzira m'kalasi, ya mabondi. Kuthyola bondi pakati pa maatomu awiri kumafuna mphamvu, ndipo bondi yatsopano ikamangika mphamvu imatuluka. Choncho umawerenga mabondi onse othyoka, kenaka onse omangika, nkuchotsera. Mu ethanolo muli mabondi asanu a C–H, lililonse la makilojulo 413, ndiye 2065. Muli C–C mmodzi wa 347, C–O mmodzi wa 358 ndi O–H mmodzi wa 464. Mamolekyulu atatu a okosijeni ali ndi O=O atatu a 498, ndiye 1494. Zonse pamodzi ndi 4728. Kumbali inayo kumamangika C=O anayi a 805, omwe ndi 3220, ndi O–H asanu ndi mmodzi a 464, omwe ndi 2784. Pamodzi 6004. Ukachotsa 6004 ku 4728 utsala ndi −1276. Usiku womwewo aliyense wa ife adayesa payekha kunyumba, ndipo m'mawa tidakumana ndi nkhope zofanana. Palibe pamene iye adaphonya.

Tsono tidatembenukira ku bukulo kuti mwina ndilo lidalembedwa molakwika. Mmenemo mudali njira ina imene sitidaizolowere. M'malo moyang'ana mabondi, imafunsa kuti: kodi pamatuluka kapena kulowa kutentha kochuluka bwanji popanga molo imodzi ya chinthu kuchokera ku maelementi ake, monga kaboni, haidirojeni ndi okosijeni? Nambala imeneyi ndiyo enthalipi ya kapangidwe, ΔHf, ndipo imaperekedwa pa madigiri 25. Ya CO₂ ndi −393.5, ya madzi ndi −285.8, ya ethanolo ndi −277.7. Ya okosijeni ndi ziro, chifukwa ndi elementi kale, palibe chomupanga. Umaphatikiza za zinthu zotuluka nkuchotsa za zolowa:

2(−393.5) + 3(−285.8) − (−277.7) = −1366.7

Njira imeneyi imatsamira pa lamulo la Germain Hess la m'chaka cha 1840, lakuti kutentha konse kumadalira poyambira ndi pothera basi, osati njira imene wadzera. Tidaona kuti nalonso bukulo silidalakwe. Tidatsala ndi mayankho awiri olondola a funso limodzi, otalikirana ndi makilojulo 91, pafupifupi magawo 7 pa 100. Ena mwa ife adati kusiyana koteroko nkochepa, tingokunyalanyaza. Koma tidali titamufufutitsa munthu katatu chifukwa cha kusiyana komweko, ndiye sikukadatheka kuti tsopano tikutche kochepa.

Aphunzitsi athu sadatipatse yankho. Adayatsa kanyale ka sipiriti, natenga chitini cha madzi ozizira, madzi a m'mawa a kuno ku Lufita mwezi wa Juni amene amaluma zala, nachigwira pamwamba pa lawi kamphindi kochepa. Atachichotsa adati, "Takhudzani pansi pake." Padali ponyowa, ngati mame. "Madzi amenewa achokera kuti, poti chitinicho sichikudontha?" Tidayankha kuti achokera m'lawi, ndi 3H₂O uja. "Nanga atuluka m'lawimo ali madzi kapena nthunzi? Bwererani ku buku lanu mukaone timalemba ting'onoting'ono tija mumatidumpha."

Timalembato tidalipodi. Pambali pa H₂O padali (l), pambali pa ethanolo padalinso (l), kutanthauza kuti zonsezi ndi zamadzimadzi. Ndipo pamwamba pa tebulo la mabondi padali mawu amene tidawawerenga kambirimbiri osawamva, akuti manambalawo ndi a mamolekyulu amene ali mumpweya. Njira ya mabondi imangoona zomangira za m'kati mwa molekyulu. Siidziwa kuti m'botolo mamolekyulu a ethanolo amakokana okhaokha, kapena kuti mamolekyulu a madzi amagwirana akasanduka dontho. Choncho −1276 ndi yankho la nthunzi ya ethanolo ikapsa nkutulutsa nthunzi ya madzi, pamene −1367 ndi yankho la ethanolo wa m'botolo akapsa nkusiya madzi oti nkuthira m'kapu. Mafunso adali awiri, ife nkumayesa ndi limodzi.

Apa mpamene tidasangalala, chifukwa kusiyanako kumawerengeka. Molo imodzi ya nthunzi ikasanduka madzi pa madigiri 25 imatulutsa makilojulo 44. Aliyense amene adavundukulapo poto wa nyemba mosasamala amadziwa kuti nthunzi imawotcha kuposa madzi owira, ndipo chifukwa chake nchomwechi. Ife tili ndi mamolo atatu a madzi, ndiye makilojulo 132 ena otuluka amene njira ya mabondi sidawawerenge. Koma palinso cholipira kumayambiriro. Ethanolo asadapse ayenera kuyamba wasanduka nthunzi, ndipo izi zimadya makilojulo pafupifupi 42 pa molo. Nchifukwa chake sipiriti imazizira ukaipaka pakhungu. Tikaika zonsezi pa yankho la mtsikana uja:

−1276 − 132 + 42 = −1366

Makilojulo 91 aja adatsala mmodzi yekha. Tidaombera m'manja mpaka a kalasi yoyandikana nayo adasuzumira.

Aphunzitsi adatidikira kuti tithe, kenaka adatiziziritsa. Adati kugwirizana kwa mpaka kilojulo imodzi tisakunyadire, mbali ina ndi mwayi chabe. Adatipatsa buku lina, momwe O–H adalembedwa 463 m'malo mwa 464. Kusiyana kwa 1 yekha. Koma poti timathyola O–H mmodzi nkumanga asanu ndi mmodzi, yankho lidasuntha ndi 5, kuchoka pa −1276 kufika pa −1271. Ndipo mabuku onse awiri ngolondola, chifukwa nambala ya bondi si muyeso wa bondi imodzi yeniyeni. Ndi avereji.

Mfundo imeneyi idatitengera nthawi kuposa yoyamba ija. Tinkaganiza kuti O–H ndi O–H paliponse pamene ali, ngati msomali wa mainchesi anayi. Sizili choncho. M'molekyulu imodzi yokha ya madzi, kuchotsa haidirojeni woyamba kumafuna makilojulo pafupifupi 498, koma kuchotsa wachiwiri kumangofuna pafupifupi 428, popeza chotsalacho sichilinso chimodzimodzi. Nambala ya patebulo ndi yapakati pa ziwirizi. Ndipo ife tidatenga nambala yomweyo nkuipereka kwa O–H wa mu ethanolo, amene mnansi wake ndi kaboni osati haidirojeni. Zili ngati kufunsa kuti ndowa ya chimanga ikugulidwa bwanji m'boma la Chitipa. Munthu akhoza kukuuzani mtengo umodzi wothandiza pokonza bajeti, koma si ndalama imene mayi anu adalipira pamsika Loweruka lapitali. Enthalipi ya kapangidwe ndiyo ili ngati lisiti. Ndi ya chinthu chimenecho, mumkhalidwe umenewo, ndipo idachokera ku kuyeza kwenikweni. Ya ethanolo, ndiponso, idapezeka pomuwotcha m'chipangizo choyezera kutentha nkuwerengera chobwerera ndi lamulo la Hess. Choncho sizodabwitsa kuti −1367 ndiye amene amagwirizana ndi zoyeza.

Pali msampha umodzi umene tikufuna a Fomu 3 auone asadagweremo, chifukwa mmodzi wa ife adagweramo sabata yomweyo. Matebulo ambiri ali ndi manambala awiri a C=O. Ina ndi 805, ya mu CO₂ mokha. Inayo ndi 745 kapena pafupi pamenepo, ya mamolekyulu ena a kaboni. Mnzathuyo adatenga yachiwiriyo. Kusiyana kwa 60 kuchulukitsa ndi mabondi anayi ndi 240, ndipo yankho lake lidafika pa −1036. Apa ndiye pali kulakwa kwenikweni, ndipo kumazindikirika. Ukakonza za nthunzi ndi madzi, njira ziwirizi pa funso ngati ili zimayandikana mpaka makilojulo ochepa kapena makumi angapo. Zikatalikiranabe ndi mazana, bwerera ukawerengenso mabondi, kapena uone ngati sudatenge mzere wolakwika patebulo. Kujambula molekyulu yonse ndi timizere take usadayambe kuwerenga kumapulumutsa. Ambiri timaiwala C–C kapena O–H tikangoyang'ana C₂H₅OH.

Pakati pathu patsalabe kamkangano. Ena akuti ngati njira ya mabondi imangoyerekeza, bwanji tisangoitaya? Enafe tikukana. Tebulo la ΔHf limathandiza pokhapokha chinthu chako chilimo, ndipo chikasowa wagwira njakata. Mabondi ochepa omwewo amakwanira mamolekyulu zikwizikwi, ngakhale amene palibe adawayezapo. Komanso njira ya mabondi yokha ndiyo imaonetsa kumene kutentha kukuchokera: 6004 aposa 4728 chifukwa mabondi a mu CO₂ ndi m'madzi ngolimba kuposa amene adathyoka. Pamayeso, tsatani tebulo limene mwapatsidwa, ndipo musasinthe yankho lanu kuti lifanane ndi nambala imene mudaiona kwina.

Lachitatu lotsatira tidapita kukapepesa. Tidalemba masamu onse pabolodi, nkunena pamaso pa anzake kuti, "Chemwali, mudakhoza. Olakwa tidali ife." Iye sadaseke kapena kutinyogodola. Adayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenaka adafunsa kuti, nanga pa kanyale ka aphunzitsi kaja, pamene ethanolo amayamba ali wamadzimadzi koma nthunzi imathawira m'mwamba osabwerera, yankho ndi liti mwa awiriwa? Tidayang'anana. Si lililonse. Adatenga choko yekha, nalemba −1367, nabwezapo 132 wa nthunzi yothawayo, ndipo pansi pake adalemba −1235.