Mafuta odzola ali ndi masiku ake

Ndimagulitsa mafuta odzola m'kaokala kanga ka malata kuno ku Mongue, m'boma la Milange, ndipo masiku a msika ndimakayala katundu pabenchi. Ndimasunga loshoni, vaselini, giliserini ndi sopo. Wina ndimakaoda kuboma, wina amadzera kumalire a Muloza kuchokera ku Limbe, ndipo wina amakwera kuchokera ku Mocuba. Asanafike m'manja mwanga amakhala atagona m'malole, m'zipinda zosungira katundu ndi pa chonyamulira cha njinga yamoto, dzuwa likumuwomba. Kugulitsa ndi gawo laling'ono la ntchito yanga. Gawo lalikulu ndi kudziwa botolo lomwe likadali ndi moyo, lomwe lafa, ndi lomwe linali labodza kuyambira pachiyambi.

Ndiyambe ndi kuwerenga masiku. Kuno kumalire timawerenga zinenero ziwiri pa alumali imodzi. Katundu wa ku South Africa ndi ku Malawi amalemba MFG kutanthauza tsiku lopangidwa, ndi EXP kutanthauza tsiku lothera ntchito. Wolembedwa m'Chipwitikizi amati FAB ndi VAL. Anthu ambiri amaona manambala okha osaona zilembo zili patsogolo pake, ndiye amakana botolo labwino chifukwa awerenga tsiku lopangidwa. Pafupi ndi masikuwo pamakhala nambala ina yotsatana ndi mawu oti LOT kapena Lote. Imeneyi ndi nambala ya mphiko umodzi wa kufakitale, ndipo kwa ine ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa ndi imene akamberembere amaiwala kukonza.

Ulendo wina, m'sitolo ina yoodetsa katundu, mnyamata wogulitsa anandikokera pambali. "Amayi, pali katoni ya loshoni wa mamililita 400 amene mumatenga uja, bwana akuti mutenge pa theka la mtengo." Mtengo wotero umandiuza kuti nditsegule katoni, pakuti woodetsa aliyense amadziwa mtengo umene anagulira ndipo sangaluze dala. Ndinayamba ndi kunja. Pambali pa katoni panali nambala ya mphiko, ndipo pamene panayenera kukhala tsiku panali pong'ambika. Ndinatulutsa mabotolo atatu, lina pamwamba, lina pakati, lina pansi. Onse ankanena kuti atsala ndi zaka ziwiri, koma nambala yawo ya mphiko inali yosiyana ndi ya pakatoni. Nditapendeketsa botolo limodzi pakhomo pamene kuwala kumalowera, ndinaona kuti pulasitiki ya pamalo olembedwa tsikuwo inali yozimirira, yosanyezimira ngati pena ponse. Umo ndi mmene imaonekera akaipukuta ndi sipiriti kapena mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo. M'munsi mwa manambala atsopanowo munkaoneka chithunzithunzi cha akale. Zolemba za kufakitale zimakhala timadontho ting'onoting'ono tofanana, pamene izi zinali zodinda ndi chidindo cha rabala, ndipo inki inatsalira pachala changa nditaikhula ndi timalovu.

Ndinalipira botolo limodzi kuti ndilitsegule. Choyamba kutuluka chinali madzi oyererako, kenako phala la mibulu, ndi fungo la mtedza woti wakhalitsa m'thumba. "Achimwene, auzeni bwanawo kuti katundu uyu ndi wakale amene wavekedwa tsiku latsopano," ndinatero, n'kubweza katoniyo. Ameneyu sanali loshoni wabodza ayi. Anali weniweni, koma wotha ntchito. Ndikamagula mafuta a m'timachubu ndimakhulupirira kwambiri tsiku lodindidwa mozama kumchira kwa kachubu, pamene anapinda ndi kumata, chifukwa limenelo silifufutika ndi sipiriti.

Wabodza weniweni amabwera m'njira ziwiri. Ina ndi ya botolo lenileni limene latha, alitola, alitsuka n'kuthiramo zosakaniza zawo. Limeneli limadziwika pakhosi: mphete ya chitsekerero imakhala yoduka kale kapena yomatidwa ndi guluu, kapepala konyezimira ka pakamwa kulibe, ndipo mabotolo a m'katoni imodzi sadzaza mofanana. Njira ina ndi yotengera chilichonse, botolo ndi chikutiro chomwe. Apa chimandithandiza ndi botolo limodzi lenileni la mtundu uliwonse limene ndimasunga m'kabokosi ndi kupita nalo kokaoda. Ndikawaimika pamodzi, labodza limaonekera: mtundu wake ndi wotuwa kapena wowala mopitirira, zilembo zing'onozing'ono za kumbuyo ndi zosamveka m'maso, dzina lasinthidwa chilembo chimodzi, ndipo nthawi zambiri palibe adiresi ya wopanga. Timizere ta pakompyuta tija musatidalire. Manambala oyamba ndi 600 kapena 601 ndi a ku South Africa, koma wotengera chikutiro amatengera ndi timizere tomwe.

Nanga loshoni amafa bwanji? Mukayang'ana mndandanda wa zosakaniza kumbuyo kwa botolo, mawu oyamba nthawi zambiri ndi Aqua, ndiye kuti madzi. Loshoni ndi madzi ndi mafuta amene awakakamiza kukhalira pamodzi, ndipo aikamo mankhwala oletsa nkhungu ndi tizilombo kuswana m'madzimo. Kutentha kumamasula mgwirizano umenewo ndi kufooketsa mankhwala oteteza aja. Mafuta ndi madzi zikalekana, kukhutchumula sikuthandiza. Zimaoneka zasakanikirana, mawa lake zalekananso. Vaselini alibe madzi, n'chifukwa chake amapirira. Akasungunuka padzuwa amaumanso ndipo amagwirabe ntchito, malinga ngati simunalowe fumbi kapena madzi.

Mabotolo ambiri amalangiza kuti asungidwe pozizira, ndipo ena amatchula madigiri 25 kapena 30. Mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, m'munsi mwa malata mumatentha kuposa pamenepo. Choncho ndinakhoma mphasa kunsi kwa denga kuti ikhale siling'i, ndipo alumali yapamwamba ndimaikapo sopo, zipeso ndi ulusi wa tsitsi basi. Loshoni amakhala m'munsi, kutali ndi khoma lakumadzulo limene limapsa masana onse. Kumsika ndimaika pabenchi mabotolo opanda kanthu kuti anthu aone mitundu, katundu weniweni ali m'bokosi pansi pa benchi, lofunditsidwa ndi chiguduli chonyowa. Ena amaseka, amati ndikubisa malonda. Koma botolo limene lakhala padzuwa msika ndi msika lingathe kufa tsiku lake lisanakwane, chifukwa tsikulo analilemba poyembekeza kuti botolo lisungidwa bwino.

Pamene ndimaumirirapo kwambiri ndi pa mafuta oteteza kudzuwa amene abale athu achialubino amalandira kapena kugula. Loshoni wamba akawonongeka amaonekera m'maso ndi m'mphuno. Awa angathe kuchepa mphamvu akuoneka bwinobwino, munthu n'kumapsa akuganiza kuti watetezeka. Ndimawauza kuti asawasiye pawindo kapena m'thumba la panjinga, ndipo tsiku likadutsa asamati n'zachisoni kutaya.

Chinthu chimene ogula ambiri sanachimvepo ndi kachithunzi ka kabotolo kotsegula chivundikiro, kolembedwa 6M, 12M kapena 24M. Kamatanthauza miyezi imene mafutawo angagwire ntchito kuchokera tsiku limene mwatsegula. Ndiye botolo lili ndi masiku awiri othera, ndipo limene layamba kufika ndilo timatsata. Tinene kuti mwagula loshoni wolembedwa VAL 03/2028 ndi 12M, ndipo mwatsegula mu Juni 2026. Atha mu Juni 2027, ngakhale chikutiro chikunena 2028. Koma ngati VAL ndi 11/2026, atha mu Novembala momwemo, miyezi 12 ija isanakwane. Mabotolo ena ochokera ku Ulaya sakhala ndi tsiku lothera konse, chifukwa malamulo a kumeneko amalola kachithunzika kokha pa mafuta okhala miyezi yoposa 30 osatsegula. Amenewo ndimawatenga kwa woodetsa yemwe ndimamudziwa kuti katundu wake sagonera. Munthu akagula kwa ine, ndimalemba mwezi umene wagula pansi pa botolo ndi cholembera chosafufutika.

Miyezi ya pakachithunziyo ndi ya mafuta osamalidwa. Kunyumba zimene zimawapha msanga ndi zitatu. Choyamba ndi kuthira madzi loshoni akayamba kutha kuti achuluke: madziwo amasungunula mankhwala oteteza, ndipo a pachitsime amabwera ndi tizilombo tawo. Chachiwiri ndi chidebe chakukamwa kwakukulu chimene banja lonse limapisamo zala zonyowa pochoka kubafa. Ndimalangiza kutapa ndi kasupuni koyera, kapena kugula botolo lofinya. Chachitatu ndi kusakaniza mitundu ingapo m'chidebe chimodzi. Zikatero palibenso tsiku lililonse la pachikutiro limene lingadaliridwe. Munthu wokhala yekha ndimamuuza agule botolo laling'ono limene alimalize m'miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale lalikulu limaoneka lotchipa.

Pali mafuta ena amene sindisunga ngakhale akhale enieni ndi tsiku labwino: oyeretsa khungu. Ambiri amakhala ndi haidirokwinoni, amene dziko la South Africa linaletsa m'zodzoladzola mu 1990. Akakumana ndi mpweya ndi kuwala amasanduka abulauni, ndipo akadzoledwa nthawi yaitali amasiya mabala akuda m'masaya ovuta kuchiza. Timachubu tina tili ndi mankhwala amphamvu a kuchipatala, monga kolobetasolo ndi betametasoni, amene amapyapyalitsa khungu, kubweretsa ziphuphu ndi mizere, ndi kufalitsa zipere. Ena amakhala ndi mekyule osalembedwa pachikutiro, amene amawononga impso. Mtsikana akabwera nkhope itatupa kudzafunsa choti adzole pamwamba, ndimati, "Achemwali, tengani kachubu komweko mupite nako kuchipatala akakaone, ine ndilibe mankhwala a zimenezi."

Kwa wogula wamba, chitetezo chachikulu ndi kugula kwa munthu amene mawa mudzamupeza pamalo pomwepo. Wogulitsa woyendayenda sabwezeredwa katundu. Mafuta achilendo yambani mwapaka pang'ono mkati mwa mkono n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri. Pakayabwa kapena kutuluka nsungu, bwererani nawo. Katundu wofufutidwa masiku mungathe kukamunena kwa a boma amene amayendera masitolo mbali ino, kapena kwa a Malawi Bureau of Standards kutsidyako.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndimatsitsa katundu yense, wotsala pang'ono kutha ndimamuika kutsogolo, ndipo wotsala ndi miyezi itatu ndimamutsitsa mtengo n'kumuuza wogula chifukwa chake. Wakufa ndimamukhuthulira m'dzenje. Botolo lake ndimaliboola ndi mpeni ndisanalitaye, chifukwa botolo labwinobwino lotayidwa kudzala ndilo amalitola aja othiramo zawo, ndipo lingadzabwererenso pamsika womwe uno litadzaza.