Sakala ndi Sakara

Kwathu kum'mawa dzina limodzi limalembedwa m'njira zingapo. Wina alemba Phiri, wina Piri. Wina Jere, wina Jele. Ku Katete ndi ku Vubwi, komwe mabanja ena ali ndi abale kutsidya ku Mozambique, Kamanga amatha kusanduka Camanga chifukwa cha kalembedwe ka Chipwitikizi. Pakamwa ndi munthu mmodzi, koma kwa kompyuta ndi anthu awiri.

Ine ndimaphunzitsa m'tauni, ndipo mndandanda wa ana obwera kuchokera kusukulu zina umasungidwa ndi ine. Chaka china mtsikana wochokera ku Sinda anatsala pang'ono kuphonya thandizo la sukulu. Kalata yake inati Sakala, koma mndandanda wa othandizidwa unati Sakara. Wofufuza pakompyuta anangoti, "Mulibe."

Pali njira yakale yofufuzira mayina potsata kamvekedwe, yotchedwa Soundex. Robert Russell wa ku Amereka anailembetsa mu 1918. Umasunga chilembo choyamba, n'kutaya A, E, I, O, U, H, W ndi Y. Zotsalazo umazipatsa manambala: B, F, P, V ndi 1, C, G, J, K, Q, S, X, Z ndi 2, D, T ndi 3, L ndi 4, M, N ndi 5, R ndi 6. Umatenga manambala atatu, ndipo akaperewera umadzaza ndi 0.

Tiyese Phiri. P akhala, H ndi ma I achoka, R apereka 6: P600. Piri nayenso ndi P600. Apezana.

Nanga mwana wathu uja? Sakala ndi S240, Sakara ndi S260. Njirayi inapangidwira mayina a Chingelezi, momwe L ndi R ndi zosiyana, pomwe lilime lathu limazisinthanitsa osaona vuto. Chilembo choyamba nachonso ndi msampha: Kamanga ndi K552, Camanga ndi C552. Nthawi zina Soundex imaphatikiza anthu osiyana: Mwanza wa kwathu ndi Mwansa wa Chibemba onse ndi M520.

N'chifukwa chake pamndandanda wanga ndinawonjezera danga lina. Dzina lenileni sindilikhudza. M'dangamo R aliyense ndimamusandutsa L, C wopanda H kutsogolo kwake ndimamusandutsa K, kenako ndiwerengera manambala. Sakala ndi Sakara onse amakhala S240.

Manambala akafanana, ntchito siinathe. Angondisonyeza mayina oyenera kuwayang'anitsitsa. Ndimafananiza tsiku lobadwa, mudzi, mfumu ndi dzina la mayi, chifukwa a Banda onse ndi B530, ndipo m'kalasi limodzi amatha kukhalamo asanu. Mtsikana wa ku Sinda anapezeka motero, thandizo lake n'kutuluka.

Inu amene mukulembetsa mayeso kapena chitupa, ikani mapepala anu onse pamphasa imodzi, muwerenge dzina lanu chilembo ndi chilembo kalaliki asanadinde.