Khoma likang'ambika patapita zaka, mlandu ndi wa yani?

Ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo ntchito yanga yambiri ndi ya m'makwalala a Lilongwe ndi m'midzi yozungulira. Mwa mafoni onse amene mmisiri amalandira, ovuta kwambiri ndi a mwini nyumba imene inatha kale, ikukhalidwa, ndalama zonse zinalipidwa, koma lero khoma lang'ambika. Mawu ake sasintha: "Amisiri, tabwerani mudzaone zimene munatipangira." Anzanga ena akamva zimenezi amathimitsa foni. Ena amayankha kuti, "Ntchito ndinapereka, inu munalandira, zatha." Ine ndimakana yankho limeneli, chifukwa zimene zimagwetsa nyumba zimakhala pansi pa nthaka ndi mkati mwa pulasitala, kumene mwini nyumba sangaone tsiku lolandira makiyi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chimene chinabisika pa tsikulo sichichoka m'manja mwa amene anachimanga chifukwa choti walipidwa.

Koma si mng'alu uliwonse umene uli mlandu wa mmisiri. Nyumba yowonongeka imanena yokha amene anailakwira, bola pakhale woifufuza mosakondera. Ndifotokoze nyumba ina imene ndinaitanidwa kukaiona kuti ndithandize amfumu kuweruza, pakuti mwini wake ndi mmisiri amene anaimanga anali atasiya kupatsana moni.

Inali nyumba ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha, yomangidwa m'mphepete mwa dambo, ndipo inali itakhala zaka zinayi. Mayi mwini nyumba anandionetsa zinthu zitatu. Choyamba chinali timing'alu ting'onoting'ono pa pulasitala wa pabalaza. Chachiwiri chinali chinyontho chimene chinkakwera khoma la kuseri mpaka penti n'kumasendeka. Chachitatu chinali mng'alu waukulu wa chipinda chogona, wochokera pa ngodya ya windo kukwera chopendeka kulowera kudenga. Kwa iwo zonsezi zinali mlandu umodzi. Kwa ine inali milandu itatu yosiyana.

Timing'alu ta pabalaza tinali topyapyala ngati tsitsi, tomwazikana, ndipo kunja kwa khomalo kunalibe kanthu. Nditagogoda ndi chala, pulasitala anamveka wogwira bwino, osati wa phwaphwa ngati wolekana ndi njerwa. Timing'alu totere timabwera pulasitala akamauma, sitifika ku njerwa, ndipo timatha ndi kumata pa nthawi yopentanso. Ndinawauza mayi aja kuti apa palibe wolakwa, ndi kusamalira nyumba chabe.

Chinyontho chinafuna khasu. Pomanga timayala pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko kuti madzi a m'nthaka asakwere m'njerwa, ndipo pepalalo liyenera kukhala masentimita 15 kapena kupitirira pamwamba pa nthaka ya panja. Nditapala dothi, pepala ndinalipeza, loyalidwa bwino ndithu. Koma eni nyumba anali ataunjika dothi la maluwa motsamira khoma mpaka kulikwirira pepalalo, ndipo ankathirira maluwawo m'mawa uliwonse. Madzi ankalowa m'khoma podumpha pepala. Apa mmisiri anali atachita zake, ndipo ndinanena poyera kuti vutoli ndi la pakhomo.

Mng'alu wachitatu ndi umene unali nkhani yeniyeni. Unkaoneka mkati ndi kunja komwe, kutanthauza kuti wadutsa khoma lonse. Kumwamba unali waukulu moti chala chaching'ono chinkalowa, kumunsi n'kumachepa. Chitseko cha chipindacho chinkakhula pansi. Mayi aja anawonjeza kuti mu Okutobala mng'aluwo umayasama kwambiri, koma mvula ikakhazikika umabwerera pang'ono. Zizindikiro zimenezi zikakumana, ndiye kuti ngodya ya nyumba ikutitimira, ndipo dothi la pansi pake likupuma ndi nyengo. Ndiwo mkhalidwe wa makande, dothi lakuda la m'madambo: likamwa madzi limafufuma, likauma limanyala ndi kung'ambika, ndipo nyumba yokhala pamwamba pake imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka mpaka khoma litatopa. N'chifukwa chake vuto lotere silioneka chaka choyamba.

Tinakumba dzenje pa ngodyayo, amfumu ndi mmisiri uja akuona. Maziko anathera pa masentimita 40 okha, akadali m'makande. Pa dothi lotere timakumba mpaka titapeza nthaka yolimba, nthawi zambiri mita imodzi kapena kupitirira, ndipo mu konkire timaikamo zitsulo. Konkire wa pansi pa khoma la njerwa ziwiri, lomwe ndi masentimita 23, amayenera kukhala wotambalala katatu kuposa khomalo, pafupifupi masentimita 69. Amene tinapeza anali wongolingana ndi khoma, wopyapyala, wopanda chitsulo n'chimodzi chomwe. Nditakanda ndi msomali matope a pakati pa njerwa za m'maziko, anayoyoka ngati mchenga wa kumtsinje. Pomangira njerwa, thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 timasakaniza ndi mawilibala atatu a mchenga. Apa panaoneka kuti thumba limodzi linkakokedwa kufika mawilibala asanu ndi limodzi kapena kuposa.

Mmisiri uja sanakane zimene maso ankaona. Anati: "Gogo chalo, mayiwa ndi amene ankagula simenti. Ndikapempha matumba khumi, ankabweretsa asanu, n'kunena kuti ndikwanitse omwewo." Mawu amenewa ndi odziwika pa ntchito yathu, ndipo kawirikawiri amakhala oona. Nyumba zambiri kuno timamanga pa mgwirizano wa manja okha: mwini amagula zipangizo, ife timalandira za thukuta. Ndiye funso linali lakuti, kodi simenti inachepa chifukwa sinagulidwe, kapena inagulidwa koma sinalowe m'khoma? Mwamwayi mayi aja anali atasunga kope la zogula pamodzi ndi malisiti. Titawerenga, matumba a maziko analidi ochepa kuposa amene mmisiri analemba pa mndandanda wake. Pa simenti, mmisiri ananena zoona.

Komabe kuya kwa maziko sikugulidwa ku sitolo. Mwini nyumba sadziwa kusiyanitsa makande ndi katondo ngati malo oimikapo khoma, ndipo ndicho chifukwa chake amalemba mmisiri. Amene anaona dothi lakuda likutuluka m'ngalande n'kulamula anyamata kuti asiye kukumba ndi mmisiri. Ngakhale pa simenti yochepayo, udindo wake unali kuimitsa ntchito ndi kunena momveka kuti, "Mayi, ndi matumba awa maziko sakhala, tidikire mupeze ena." Iye anapitiriza mwakachetechete poopa kuti ntchito ingapite kwa wina. Kukhala chete kumeneko ndi kumene kunamumanga. Wodziwa akaona choopsa n'kusachenjeza, sangadzabisale kumbuyo kwa wosadziwa.

Chigamulo chinatsata zimene dzenje linaonetsa. Mayi aja anavomera kugula simenti, kwale ndi zitsulo, pakuti ndi zimene anayenera kugula poyamba pomwe. Mmisiri anavomera kugwira ntchito yonse yokonza popanda malipiro, ndi kulipira yekha anyamata ake. Kukonzako sikumata mng'alu ayi, chifukwa womatidwa pamwamba pa maziko oyenda umabwerera chilimwe chotsatira. Timakumba pansi pa maziko akale chigawo chigawo, mita imodzi pa nthawi, kudumphadumpha kuti khoma lisatsale m'malere, n'kuthira konkire watsopano kuchokera pa nthaka yolimba kufika pa maziko akalewo. Chigawo chikalimba ndi pamene timatsegula choyandikana nacho. Tikamaliza timamata kachigamba ka pulasitala modutsa mng'alu n'kulembapo tsiku. Kachigambako kakapirira dzinja ndi chilimwe osasweka, ndiye kuti khoma laima, ndipo tsopano tikhoza kusoka mng'aluwo ndi tizitsulo togoneka m'mizere ya njerwa n'kupaka pulasitala. Kuzungulira nyumba timathira kakhonde ka konkire kopendekera kunja kuti madzi a padenga asamalowe m'munsi mwa khoma.

Nkhani ikakanika kwa amfumu imapita kukhoti, ndipo kumeneko kuli malire a nthawi amene anthu ambiri sawadziwa. Pa ntchito zikuluzikulu za makontilakita olembetsedwa, mgwirizano wolembedwa umakhala ndi nyengo yokonza zolakwika, kawirikawiri miyezi 6 kapena 12, ndipo mwini ntchito amasunga kagawo ka ndalama mpaka nyengoyo itatha. Ena amaganiza kuti nyengoyo ikadutsa womanga wamasuka. Si choncho. Nyengoyo imangotsekera za ndalama zosungidwazo ndi zolakwika zooneka msanga. Malamulo a dziko lino amapereka zaka 6 zokasumira munthu amene waphwanya mgwirizano, ndipo zakazo zimayamba kuwerengedwa pamene mgwirizano unaphwanyidwa, osati pamene mng'alu waonekera. Choncho mwini nyumba amene amangomata chaka ndi chaka akudya nthawi yake yomwe. Mgwirizano wapakamwa nawonso ndi mgwirizano, kungoti kukhoti umafuna umboni, ndipo patapita zaka aliyense amakumbukira zomukomera.

Palinso zimene sindingavomere kuti zisenzetsedwe mmisiri. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anakokolola nyumba ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, zolimba ndi zofooka zomwe, ndipo matope otsika m'phiri palibe maziko a nyumba wamba amene angawaletse. Mwini akagumula khoma la mkati kuti akulitse balaza, kapena akadzala bulugamu pafupi ndi nyumba n'kumaumitsa dothi la pansi pa maziko, zotsatira zake ndi zake. Malata nawo amachita dzimbiri ndi ukalamba. Mmisiri amayankha pa zimene manja ake anachita, ndi pa zimene anadziwa koma sananene.

Chifukwa cha zonsezi, pa ntchito iliyonse ndimakhala ndi kope limodzi limene timalembamo tonse awiri ndi mwini nyumba. Ndisanakwirire maziko ndimamuitana, ndiimika tepi m'ngalande, iye ajambula ndi foni yake. Chimodzimodzi zitsulo za ling'ibimu tisanathire konkire. Akakana malangizo anga, mwina pofuna malata opyapyala kapena kudumpha mankhwala a chiswe, ndimalemba m'kopemo zimene ndalangiza ndi zimene wasankha, tonse n'kusaina. Koma pa maziko sindilembetsa chilichonse. Ngati simenti siyokwana kapena mwini sakufuna kuti tikumbe mpaka pa nthaka yolimba, ndimanyamula zida zanga, chifukwa siginecha imateteza ine kukhoti, koma siiteteza ana ogona m'chipinda chimene khoma lake likutitimira.